Momwe mungasinthire ufa kuti chimbudzi chizibwera bwinobwino: woyera, gramilu kapena mgaiwa

Nkhani yachimbudzi anthu timaichita manyazi, koma ine ndiyankhula poyera chifukwa zinandichitikira konkuno ku Salima. Mwezi wa Okutobala kukutentha kuja, ndimadya nsima yoyera ndi usipa masana, madzulonso nsima yoyera ndi utaka, masamba osaoneka mu mbale, ndiye ndimatha masiku atatu osapita kuthengo, ndikapita n'kungotulutsa timibulu touma ngati ta mbuzi nditakhalamo mpaka miyendo kuchita dzanzi. Amayi akunyumba ndi amene anandiuza kuti bambo, vuto lanu lili kuchigayo osati m'mimba.

Njere ya chimanga ili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli khungu lolimba lija limasanduka madeya kapena gaga, pansi pake pali kamtima kamafuta komwe kamamera, ndiye mkati monse ndi sitachi woyera. Faiba wambiri, kutanthauza mbali ya chakudya yomwe sigayika m'mimba, ali mu khungu lija. Mukakonola mumachotsa khungu ndi kamtima, mukaviika mphale masiku awiri atatu n'kutsuka mumatayanso zina ndi madzi aja, chotsala ndi sitachi pafupifupi yekhayekha. Sitachi ameneyu thupi limamugaya n'kumuyamwa pafupifupi yense asanafike m'matumbo aakulu, ndiye chotsala choti chipange chimbudzi chimakhala chochepa, chimayenda pang'onopang'ono, ndipo chikamachedwa m'matumbomo thupi limapitiriza kuyamwa madzi ake mpaka chiume gwaa. Gaga uja sagayika. Amadutsa momwemo, amagwira madzi, amatupitsa chimbudzi n'kukankha matumbo kuti agwire ntchito. Chimbudzi chabwinobwino magawo atatu mwa anayi ndi madzi, ndiye mukuona kuti chogwira madziwo chikasowa zinthu zimavuta.

Dokotala wina, Denis Burkitt, yemwe anagwira ntchito nthawi yaitali ku Uganda, anachita kuyeza chimbudzi pa sikelo. Anapeza kuti anthu akumudzi odya zosakonola amatulutsa magalamu oposa 400 patsiku, pomwe aku Mangalande odya buledi woyera amatulutsa cha m'ma 100 okha. Ndiye mukasintha ufa n'kuona chimbudzi chachuluka musadabwe, ndi ntchito ya gaga imeneyo.

Poyamba dziwani kuti panopa mukudya ufa uti. Woyera ndi wokonola, woviika, woyanika pa mphasa kenako kugaitsa. Gramilu ndi wokonola koma osaviika, uyu ali pakatikati ngakhale nayenso gaga wambiri anapita. Mgaiwa ndi chimanga chonse chimangolowa m'chigayo momwe chilili. Mu magalamu 100 a mgaiwa muli faiba pafupifupi magalamu 7, mu woyera safika ndi theka lomwe. Tiyerekeze munthu wamkulu akudya ufa magalamu 300 patsiku, mitanda ya masana ndi madzulo kuphatikiza phala. Ndi mgaiwa wapeza magalamu 21 kuchokera mu nsima mokha, pomwe a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azipeza osachepera 25 patsiku, ndiye kotsalako nkhwani kapena nyemba zamalizitsa. Ndi woyera wapeza osafika 10, ndipo nsomba ilibe faiba olo pang'ono, kaya ndi chambo cha ku Senga Bay kaya bonya.

Chachiwiri ndi kusankha chimanga, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Kukonola kumachotsa zonyansa zambiri zomwe zimakhala pa khungu, ndiye ngati simukonola ntchito imeneyo muigwire nokha. Thirani chimanga pa lichero mupete, kenako khalani pansi musankhe chimodzichimodzi, chovunda, chakuda, chobiriwira ndi chuku, chofumbwa ndi anankafumbwe, zonsezo kunja. Chuku ndi choopsa kwambiri chifukwa chimatulutsa poizoni wa afulatokisini yemwe amaononga chiwindi ndipo kuphika sikumupha, komanso kunyanja kuno ndi chinyontho chathu chimanga chimachita chuku msanga. Ngati munathira mankhwala aja osungira chimanga m'matumba, petani bwino, tsukani ndi madzi oyera, yanikani padzuwa mpaka chiume choti mukaluma chizilira kuti khwa. Chimanga chokayikitsa, chonunkha fungo la nkhungu, chimenecho musapangire mgaiwa ayi.

Kenako kuchigayo. Auzeni achimwene apachigayo kuti ichi ndi cha mgaiwa musakonole, ndipo ngati ali ndi sefa yosalala aikeyo kuti ufa usatuluke wamiseremisere. Mukafika kunyumba yanikani ufawo uzizire kaye musanauike mu ndowa, ukatsekeredwa uli wotentha umachita thukuta. Chinanso, musagaitse thumba lonse. Kamtima kaja kali ndi mafuta, ndipo ndi kutentha kwa ku Salima mgaiwa umayamba kununkha ndi kuwawa msanga kuposa woyera. Ife timagaitsa ndowa imodzi yokwana masabata awiri basi. Ndipo chonde, musabwere nawo kunyumba n'kuusefanso ndi sefa yosalala kwambiri mpaka gaga yense kutsala pamwamba n'kupatsa nkhuku, pamenepo mwangozungulira n'kubwerera pomwe munali.

Tsopano kasakanizidwe, chifukwa kungodumphira ku mgaiwa tsiku limodzi mimba imatupa, mpweya umachuluka, anthu a m'nyumba mwanu amadandaula ndiye mumasiya. Ine sabata yoyamba tinkathira makapu atatu a woyera ndi kapu imodzi ya mgaiwa. Masiku awiri oyamba sindinaone kusintha kwenikweni kupatula mpweya, tsiku lachinayi ndinapita mosavutika. Sabata yachiwiri tinapanga theka theka, ndipo apa ndi pomwe ndinayamba kupita tsiku lililonse m'mawa, chofewa, chachitali, osachita kudzikakamiza. Tinaimira pomwepo chifukwa ana amakana mgaiwa wokhawokha ati ndi nsima ya ku boding'i. Pophika dziwani kuti mgaiwa umafuna nthawi, phala lake libwate mokwanira musanayambe kuthira ufa wovundulira, apo ayi nsima imamveka yaiwisi ndipo ndi imene anthu amati imapweteka m'mimba.

Madzi musaiwale. Gaga wopanda madzi amathanso kukumangani m'mimba, makamaka inu ogwira ntchito padzuwa, asodzi, akabaza apa Kamuzu Road, olima mpunga ku Lifuwu. Yang'anani mkodzo, ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi akuchepa.

Kwa ana aang'ono osafika zaka ziwiri musachite kulimbikira gaga wambiri, mimba zawo ndi zazing'ono amakhuta msanga, komanso gaga amalepheretsa thupi kuyamwa bwino ayironi ndi zinki, ndiye phala lawo lizikhala ndi nsinjiro kapena ufa wa usipa. Munthu amene akutsegula m'mimba nayenso adikire kaye achire.

Ngati mwachita zonsezi masabata awiri kapena atatu osasintha, kapena mukuona magazi m'chimbudzi, chikutuluka chakuda ngati phula, chopyapyala ngati pensulo, kapena mukuonda osadziwa chifukwa, vuto si ufa pitani kuchipatala. Ndipo mimba ikatupa ngati ng'oma, ikupweteka kwambiri, mukusanza, chimbudzi ndi mpweya womwe osatuluka, musadikire kuti kuche kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba, nthawi zina amakhala matumbo apotana ndipo zimenezo zimafuna opaleshoni tsiku lomwelo.