Momwe mungawerengere mtengo wa katundu ngati mwezi wayamba ndi ntchito yotsala: faifo ndi avereji

M'fakitale yopanga chinthu chimodzi mosalekeza, mwezi ukamatha sikuti ntchito yonse imakhala yatha. Pamatsala katundu wapakati, woyambidwa koma wosamalizidwa, ndipo mwezi wotsatira umayamba naye. Apa ndiye pamene njira ya faifo (choyamba kulowa ndicho choyamba kutuluka) imasiyanirana ndi njira ya avereji. Pakanapanda katundu wotsalayu, njira ziwirizi zikanapereka yankho limodzi.

Tiyerekeze kuti kuno ku Mangochi kuli kafakitale kopanga juwisi wa malambe. Tiyang'ana chigawo choyamba chokha, chonyika, kusefa ndi kuwiritsa, juwisi asanapite kothira m'mabotolo. Malambe ndi shuga zimalowa zonse koyambirira, pomwe ndalama za ntchito (malipiro, magetsi, nkhuni, madzi) zimalowa pang'onopang'ono. Manambala onsewa ndi ongoyerekeza.

Pa 1 Julaye m'mathanki munali malita 2,000 otsala a mu Juni. Zipangizo zinali zitalowa zonse, za K1,600,000, koma ntchito inali itafika pa 40 peresenti, ya K480,000. Mu Julaye anayamba malita ena 10,000, nagula zipangizo za K11,000,000 ndi kulipira K5,820,000 pa ntchito. Malita 9,000 anatha, ndipo 3,000 anatsala ali pa theka. Ndalama zonse pamodzi ndi K18,900,000. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa njira iliyonse iyenera kubwerera pomwepa.

Choyamba, sandutsani malita osatha kukhala malita athunthu

Malita 3,000 amene ntchito yake ili pa theka adya ndalama za ntchito zofanana ndi za malita 1,500 omalizidwa. Koma pa zipangizo ndi athunthu 3,000, poti malambe ndi shuga zinalowa kale. Ndi chifukwa chake zipangizo ndi ntchito timaziwerengera padera.

Chachiwiri, njira ya avereji

Njira iyi safunsa kuti lita iyi inayamba liti. Imatenga juwisi yense wa mu Juni ndi wa mu Julaye ngati wosakanizika, monga amakhaliradi m'thanki. Malita athunthu pa zipangizo ndi 9,000 kuphatikiza 3,000, kukhala 12,000. Pa ntchito ndi 9,000 kuphatikiza 1,500, kukhala 10,500.

Ndalama nazo zimasakanizidwa. Zipangizo za mu Juni ndi za mu Julaye pamodzi ndi K12,600,000, ndipo mukagawa ndi 12,000 mupeza K1,050 pa lita. Za ntchito ndi K6,300,000, kugawa ndi 10,500, mupeza K600. Lita imodzi ndiye kuti yadya K1,650. Malita 9,000 opita kothira m'mabotolo atenga K14,850,000, ndipo otsala atenga K4,050,000, kutanthauza 3,000 pa K1,050 ndi 1,500 pa K600. Mukaphatikiza, K18,900,000 ija yakwana.

Chachitatu, njira ya faifo

Apa funso ndi lina: kodi mu Julaye mokha tagwira ntchito yochuluka bwanji, ndipo yatidyera zingati? Timatenga kuti malita 2,000 akale aja ndiwo anayamba kumalizidwa. Choncho mwa malita 9,000 amene anatha, 2,000 ndi akale, ndipo 7,000 okha ndiwo anayambidwa ndi kumalizidwa mu Julaye.

Malita akalewo sanafune malambe ena, ndiye pa zipangizo sawerengedwa. Timangotenga 7,000 ndi 3,000, kukhala 10,000. Pa ntchito, anali pa 40 peresenti, ndiye Julaye anagwira 60 peresenti yotsalayo, yomwe ndi malita athunthu 1,200. Onjezani 7,000 ndi 1,500, mupeza 9,700.

Tsopano gawani ndalama za mu Julaye zokha. K11,000,000 kugawa ndi 10,000 ndi K1,100. K5,820,000 kugawa ndi 9,700 ndi K600. Lita yopangidwa mu Julaye yadya K1,700. Ndalama za mu Juni, K2,080,000, sizilowa m'kugawaku. Zimapita zonse pa malita akale aja, kenako n'kuonjezapo K720,000 yowamalizira (1,200 pa K600), kukhala K2,800,000. Malita 7,000 pa K1,700 ndi K11,900,000. Juwisi womalizidwa yense ndi K14,700,000, wotsala ndi K4,200,000, ndipo K18,900,000 yakwananso.

K150,000 yachokera kuti?

Faifo yaika K150,000 yochepa pa juwisi womalizidwa ndi K150,000 yochuluka pa wotsala. Taonani kuti pa ntchito njira zonse zapereka K600, ngakhale malita ogawira anali osiyana. Izi ndazichita dala: mu Juni 40 peresenti ya malita 2,000, kutanthauza malita athunthu 800, inadya K480,000, yomwe ndi K600 yomweyo. Mtengo ukapanda kusintha pakati pa miyezi iwiri, njira ziwirizi zimagwirizana.

Kusiyana konse kuli pa zipangizo. Mu Juni zinali K800 pa lita, mu Julaye zafika K1,100. Avereji yasakaniza mitengo iwiriyi n'kupeza K1,050, ndipo K50 yosiyanayo pa malita 3,000 otsala ndiyo K150,000. Juwisi womalizidwayo akagulitsidwa yense, faifo idzaonetsa phindu lokwera ndi K150,000 mwezi uno, ndipo ndalamayo idzabwera ngati mtengo mu Ogasiti.

Kwa ine, nambala yofunika kwambiri pano si K150,000 koma K1,700. Mwini fakitale amene akuika mtengo wogulitsira poyang'ana K1,650 akudalira malambe otchipa a mu Juni amene anatha kale. Amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, akudziwa momwe mtengo wa mwezi watha umathera ntchito msanga. Pa nyengo yotero faifo ndiyo imaonetsa poyera zimene mwezi uno wadya. Mitengo ikakhala yokhazikika, kapena katundu wotsala akakhala wochepa poyerekeza ndi wopangidwa, avereji ikwanira, ndipo ndi yosavuta.

Pamene anthu amaphonya

Cholakwika chofala pa faifo ndi kulemba 40 peresenti m'malo mwa 60, ndiye kuti kuwerenga ntchito imene inachitika kale m'malo mwa imene inatsala. Podziyesa, chotsani ntchito ya mu Juni pa malita a avereji: 10,500 kuchotsa 800 ndi 9,700. Mukapeza 9,300, mwatembenuza. Kuphatikiza komaliza sikungakugwireni pa cholakwika ichi, chifukwa ndalama zimakwanabe ngakhale mwagawa ndi malita olakwika. Kumene kumathandiza ndi pamene mwalowetsa K2,080,000 m'kugawa n'kuiikanso pa malita akale, kapena mwaiiwaliratu: yankho lidzapitirira kapena kuperewera ndi ndalama yomweyo.

Funsaninso nthawi imene chipangizo chilichonse chimalowa. Shuga akanakhala kuti amathiridwa kumapeto, malita 2,000 akale akanawerengedwa onse pa shuga wa mu Julaye, ndipo malita 3,000 otsala sakanawerengedwa n'komwe.

Kwa amene akukonzekera mayeso a akaunti, funso lenilenilo limakuuzani njira. Faifo imafuna peresenti ya ntchito ya katundu woyamba naye mwezi, koma ndalama zake zikhoza kukhala mulu umodzi. Avereji siifuna peresenti imeneyo, koma imafuna ndalamazo zitagawidwa, za zipangizo pazokha, za ntchito pazokha. M'mabuku enieni a kampani, lamulo la akaunti la padziko lonse lokhudza katundu, lotchedwa IAS 2, limalola njira zonse ziwiri, malinga katundu wa mtundu umodzi awerengedwe ndi njira imodzi, osati kusintha mwezi umene mwaona kuti inayo ikweza phindu.