Momwe mungagulire katundu pa intaneti osapondedwa ndalama

Mlamu wanga wa ku Area 25 anaona foni pa tsamba lina la Facebook mwezi wathawu. Mtengo unali K260,000, pamene foni yomweyo m'mashopu a mu Taoni ankaitchula cha m'ma K450,000. Anafunsa pa WhatsApp, yankho linabwera mphindi isanathe: "Ilipo mayi, koma yatsala imodzi. Ife tili ku Karonga, tumizani theka tikweze pa basi ya usiku, zotsalazo mudzapereka ikafika." Anatumiza K130,000. M'mawa mwake kunaimba munthu wina amene anati ndi kondakitala, akuti katundu wagwidwa pa lodibuloko ndipo pakufunika K45,000 ya msonkho, apo ayi foni ilandidwa. Anatumizanso. Masana akuti basi yafika m'depoti koma sangapereke katundu asanaone uthenga wa ndalama zotsala. Apa m'pamene anandiimbira n'kunena kuti, "Alamu, mundiperekeze kudepoti." Tinazungulira depoti yonse ya ku Malangalanga, basi imene ankanenayo kunalibe, ndipo pofika 3 koloko nambala zonse ziwiri zinali zozima.

Chimene chinamutayitsa K175,000 si umbuli ayi, ndi mayi wochenjera amene amagulitsa kaunjika. Chinamupweteka n'chakuti ankayeza munthuyo ndi kayankhulidwe kake, ndipo akamberembere amayankhula mwaulemu kuposa ogulitsa enieni. Ndiye tiyeni tione zoyeza zina, motsatana, kuyambira pamene mwangoona chithunzi mpaka pamene mukulemba nambala yanu yachinsinsi.

Yambani ndi tsambalo, musanalembere munthu

Pa tsamba lamalonda la Facebook pitani pa About, kenako Page transparency. Pamenepo pamaoneka tsiku limene tsambalo linatsegulidwa komanso mayina amene linkadziwika nawo kale. Tsamba la mlamu wanga uja titaliyang'ana pambuyo pake, linali ndi otsatira ochuluka ndithu, koma kale linali la nthabwala za mpira, dzina analisintha kutangotsala milungu itatu kuti amubere. Masamba otere amachita kugulidwa pamodzi ndi otsatira ake, choncho kuchuluka kwa anthu kusakukomereni m'maso.

Kenako werengani ndemanga. Shopu yeniyeni imakhala ndi makasitomala okangana nayo: wina akudandaula kuti nsapato inachepa, wina akufunsa ngati atsegula Loweruka. Mukaona kuti pansi pa chithunzi palembedwa kuti pali ndemanga 40 koma zooneka ndi zisanu ndi imodzi zokha, n'kutheka kuti zinazo zabisidwa. Zotsalazo zikakhala za "ndalandira katundu wanga, Mulungu akudalitseni", dinani pa mayina a oyamikirawo. Nthawi zambiri mupeza maakaunti a chithunzi chimodzi, opanda abale, opanda ukwati kapena maliro amene anapitako.

Chithunzi cha katunduyo chiikeni mu Google Lens, chida chofufuzira masamba ena amene ali ndi chithunzi chomwecho. Sofa amene akuti ali ku Kawale akatulukira pa tsamba la shopu ya ku Joni kapena ku Dar es Salaam, nkhani yathera pomwepo.

Muuzeni achite chinthu chimene wakuba sangathe

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo sipafuna bandulo yambiri. Munthu amene alibe katundu angathe kukutumizirani zithunzi makumi awiri, chiphaso cha dziko, ngakhale pepala looneka ngati la kulembetsa bizinesi. Zonsezo n'zotola kwa ena. Chiphasocho kawirikawiri chimakhala cha munthu wina amene anamupusitsa kale, n'chifukwa chake inunso musatumize chanu kwa wogulitsa amene simukumudziwa. Chimene sangathe n'kuonetsa katundu lero, pa nthawi imene inu mwasankha.

Muimbireni pa vidiyo mosamuchenjeza. Akayankha, muuzeni ayatse foniyo, kapena atsegule chitseko cha filiji, kapena atembenuze nsapato muone kunsi. Akati netiweki ikuvuta, musakangane naye. Mupatseni mawu oti alembe papepala, mwachitsanzo dzina lanu ndi tsiku la lero, aike pepalalo pa katunduyo n'kujambula. Wogulitsa weniweni amang'ung'udza pang'ono koma amachita. Wabodza amayamba kukalipa kuti simukumukhulupirira, kapena amakukumbutsani kuti pali kasitomala wina amene ndalama ali nazo m'manja. Changu chimenechi ndi chida chake. Foni ya mlamu wanga "inatsala imodzi" kwa aliyense amene anafunsa.

Funso lachiwiri ndi la malo. Akati ali mu Lilongwe momwe muno, asangoti "Area 2" basi. Afotokoze kuti ndi nyumba iti, moyang'anizana ndi chiyani, ndipo inu munene kuti mutuma munthu pakatha ola limodzi. Mudzamva kuti lero ali ku maliro ku Dedza, katundu ali kuweyahausi, koma mnyamata wa kabaza angathe kubweretsa mukatumiza kaye ya mafuta. Akati ali ku Blantyre, ku Mzuzu kapena ku Songwe, ganizirani wachibale kapena mnzanu wa kumpingo amene ali kumeneko. Ndi a Malawi ochepa amene alibe munthu ku Limbe. Kumutumizira K5,000 ya minibasi kuti akaone ndi maso ake n'kotchipa kusiyana ndi dipoziti.

Yang'anani dzina limene lili pa nambala

Potumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, nambala iliyonse ili ndi dzina la amene inalembetsedwa pa iye, ndipo dzinalo limabwera mu uthenga wotsimikiza. Ngati mwaganiza zolipira, tumizani kaye kandalama kochepa, K500 yokwana, muwerenge dzinalo. Mlamu wanga ankacheza ndi bambo, koma ndalama zoyamba zinapita pa dzina la mayi, zachiwiri pa dzina lina lachitatu. Anaziona, koma anamuuza kuti "ndi nambala ya madamu, yanga yadzadza".

Dzina losiyana palokha si umboni wa kuba, pakuti mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amagwiritsadi nambala za akazi awo kapena azichimwene awo. Koma nambala yolandirira ndalama ikamasinthasintha, lero 099, mawa 088, mkuja ya ejenti, imani. Dzina likagwirizana musagonenso tulo: ngakhale kuti malamulo a MACRA amafuna kuti simu iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, akathyali amagwiritsa masimu olembetsedwa m'mayina a anthu ena amene sadziwa n'komwe. Lembaninso nambalayo pofufuzira pa Facebook. Anthu amene anapwetekedwa kale amakonda kuiika m'magulu a malonda pochenjeza anzawo.

Pali kachinyengo kena kamene kamabwera mutakana kugula kapena mutapempha kuti akubwezereni. Mumalandira uthenga wooneka ngati ndalama zalowa, kenako foni: "Pepani bwana, ndatumiza zopyola, mundibwezereko K50,000." Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, osati kuchokera pa nambala wamba ya foni. Musadalire uthenga kapena sikirinishoti, onani nokha ndalama zimene zili mu akaunti:

```
*211#   Airtel Money
*444#   TNM Mpamba
```

Ndipo palibe kubwezeredwa ndalama kumene kumafuna kuti mutchule nambala yanu yachinsinsi, kapena manambala amene angobwera pa uthenga, kapena kuti mudine zimene wina akukuwerengerani pa foni. Kulandira ndalama sikufuna nambala yachinsinsi. Wina akakufunsani nambalayo, ndiye kuti ndalama zikutuluka.

Lipirani katundu ali m'manja

Kwa wogulitsa wa mu Lilongwe, panganani kukumana masana pamalo a anthu ambiri ndi alonda, monga pa Gateway Mall kapena pa Game Complex, ndipo mupite awiri. Ngati ndi foni, musalandire bokosi lomata n'kuthamangira minibasi. Tsegulani pomwepo, ikanimo simu yanu, imbani, yesani kamera ndi potchajira, onetsetsani kuti akaunti ya mwini wakale yachotsedwa. Kenako dinani izi:

```
*#06#
```

Patuluka IMEI, nambala yozindikiritsa foniyo, ya manambala 15. Ifanane ndi imene yalembedwa pabokosi. Ikasiyana, bokosi ndi la foni ina, ndipo foni imene muli nayo m'manja ingathe kukhala yobedwa, mawa apolisi n'kudzaipeza kwa inu. Pemphani lisiti lokhala ndi dzina la wogulitsa, nambala yake ndi IMEI yomweyo, kenako m'pamene mutumize ndalama muli maso ndi maso.

Kwa wa kutali, chilungamo n'chakuti ogulitsa enieni nawonso amaopa. Ena anatumizapo katundu wogula n'kuzimitsa foni, ndiye akapempha kandalama koyamba si onse akuba. Njira yapakati ndi iyi: munthu wanu wa kumeneko aone katundu, aperekeze wogulitsayo ku ofesi ya kampani yotumiza katundu kapena ya basi, phukusi lilandiridwe, lisiti lituluke, inu mulipire nthawi yomweyo. Ngati mulibe munthu, musapyole ndalama ya thiransipoti yokha, imene mutaitaya simungalephere kugona. Lisiti la pa WhatsApp musalikhulupirire lokha. Imbirani ofesi ya kampaniyo ya ku Lilongwe pa nambala imene mwaipeza nokha, osati imene ili pa lisitilo, muwerengere nambala ya phukusi.

Za msonkho wa panjira zija, ganizani bwino. Katundu amene ali kale m'shopu ku Karonga analowa kale m'dziko, ndipo msonkho wa MRA sulipiridwa pa nambala ya kondakitala. Ndalama yachiwiri imene simunapangane poyamba ndiyo chizindikiro chachikulu koposa, chifukwa wakubayo akudziwa kuti amene wataya K130,000 amalolera kuwonjezera K45,000 pofuna kupulumutsa zoyambazo.

Zikachitika kale

Musayambe ndi kutukwana wakubayo, akubulokani n'kufufuta zonse. Jambulani kaye macheza onse, tsamba lake, nambala zake, ndipo musafufute uthenga wotumizira ndalama chifukwa muli nambala ya ntchitoyo imene adzakufunsani kulikonse. Imbirani kampani ya foni kapena banki yanu nthawi yomweyo. Ndalama zimatheka kuimitsidwa ngati zikadali mu akaunti ya wolandirayo, koma anthu amenewa amakatapa kwa ejenti patangopita mphindi zochepa, ndiye kudikira kuti kuche n'kuchedwa. Mukatero pitani kupolisi ya kufupi, kaya ku Area 3, ku Lingadzi, ku Kawale kapena ku Kanengo, mukalembetse dandaulo, pakuti kampani siingakupatseni inu zambiri za mwini nambala koma apolisi angathe kuzipempha. Ngati wogulitsayo ndi shopu yodziwika malo imene yakupatsani katundu wosakhala bwino n'kukana kubweza, imeneyo ndi nkhani ya bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda.

Patatha masiku awiri mlamu wanga atakadandaula, kunaimbanso nambala ina. Munthuyo anati ndi wapolisi, wakuba uja wagwidwa ku Mzuzu, ndipo pakufunika K20,000 ya mafuta a galimoto kuti abwere naye ku Lilongwe. Ankadziwa dzina lake, mtundu wa foni ndi ndalama zonse zimene anatumiza, zinthu zimene wakubayo ankazidziwanso. Mlamu anangoyankha kuti, "Chabwino bwana, ndibweretsa ndekha kusiteshoni, mundiuze ofesi yanu." Foni inadulidwa.