Momwe mungadziwire ndodo yaitali kwambiri imene ingalowe m'bokosi

Tinene kuti muli ndi bokosi limene m'kati mwake ndi masentimita 120 m'litali, 90 m'lifupi ndi 80 kupita m'mwamba, ndipo mukufuna kutsekeramo ndodo ya masentimita 165. Anthu ambiri amangoyang'ana mbali yaitali, n'kuona 120, n'kunena kuti ndodoyo idulidwe basi. Musathamangire sowo. Malo aatali kwambiri m'bokosi sali m'mbali mwake. Amayambira pa kona imodzi ya pansi, n'kudutsa pakati penipeni pa bokosi, kukafika pa kona ya pamwamba yoyang'anizana nayo. A masamu amautcha mzere umenewu dayagonale ya m'kati, ndipo bokosi la makona oongoka ngati ili amalitcha kyuboidi.

Yambani ndi kuyeza, ndipo muyeze m'kati. Ndodo simalowa m'matabwa. Bokosi lathuli likakhala la matabwa okhuthala masentimita 2, kunja kwake mupeza 124, 94 ndi 84, ndipo manambala amenewo adzakupatsani yankho lopitirira ndi masentimita pafupifupi 7. Miyeso itatu yonse ikhalenso ya mtundu umodzi. Ngati mbali ina mwailemba kuti mamita 1.2, isandutseni masentimita 120 musanachite china chilichonse.

Kenako iwalani kaye za m'mwamba, muyang'ane pansi pa bokosi pokha. Mukagoneka ndodo mopingasa, kuchoka pa kona ina kupita pa kona yoyang'anizana nayo, ndodoyo pamodzi ndi mbali ziwiri za pansi zimapanga thirayango yokhala ndi kona yoongoka. Apa pamagwira lamulo la Pythagoras: chulukitsani mbali iliyonse mwa ziwiri zifupizifupi ndi iyo yomwe, phatikizani, ndipo chimene mwapeza ndi mbali yaitali itachulukitsidwa ndi iyo yomwe.

```
120 × 120 = 14400
 90 ×  90 =  8100
14400 + 8100 = 22500
√22500 = 150
```

Chizindikiro cha √, sikweya ruti, chimangofunsa kuti ndi nambala iti imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imabereka 22500. Yankho ndi 150. Ndiye pansi pokha pakwana ndodo ya masentimita 150. Yathu ija ya 165 sinalowebe.

Tsopano siyani nsonga imodzi pa kona ya pansi, ina muikweze motsatira mphepete yoimirira mpaka pa kona ya pamwamba. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka, chifukwa thirayango yachiwiriyi sioneka pakhoma lililonse la bokosi. Yaimirira m'kati, ngati pepala limene mwaliimika mopingasa. Tsinde lake ndi mzere wa 150 uja umene tapeza pansi. Mbali yake yoimirira ndi 80. Pamene ziwirizi zakumana pali kona yoongoka, popeza mphepete yoimirira ya bokosi imaima chilili pa mzere uliwonse wogona pansi, kaya mzerewo walunjika kuti. Mukamvetsa zimenezi, zotsala ndi kubwereza zomwe zija.

```
150 × 150 = 22500
 80 ×  80 =  6400
22500 + 6400 = 28900
√28900 = 170
```

Dayagonale ya m'kati ndi masentimita 170, kuposa mbali yaitali ya bokosi ndi masentimita 50 athunthu.

Mwina mwaona kuti tinavutika kupeza 150 kuchoka pa 22500, kenako n'kubwereranso ku 22500 yomweyo. Ulendo umenewo ndi wosafunika. Mutha kuphatikiza zitatu zonse nthawi imodzi:

```
d = √(a² + b² + c²)
```

Apa a, b ndi c ndi miyeso itatu ya bokosi, ndipo zilibe kanthu kuti mwayambira uti. Ine ndimalimbikitsa njira yachiduleyi chifukwa manambala enieni sakhala aulemu ngati a m'chitsanzo chathu. Dayagonale ya pansi ikatuluka ndi madesimo, munthu amaidula, kenako n'kuchulukitsa nambala yodulidwa, ndipo cholakwa chimakula. Koma njira yaitali ija muidziwebe, chifukwa ndi imene imaonetsa kumene fomyulayi yachokera.

Pa kakyuleta samalani mabulaketi. Mukalemba √14400 + 8100 + 6400 popanda mabulaketi, makina ambiri amatenga ruti ya nambala yoyamba yokha n'kukupatsani 14620. Chabwino n'kuphatikiza kaye, kudina =, kenako n'kutenga ruti. Cholakwa china chofala ndi kuphatikiza 120, 90 ndi 80 musanachulukitse. Mukatero mumangobwerera pa 290, umene ndi mtunda wa nyerere yoyenda m'mphepete mwa bokosi. Yankho loona liyenera kuposa mbali yaitali kwambiri, koma silingapose mbali imeneyo kuchulukitsa ndi 1.74. Malire amenewa amachokera ku bokosi lofanana mbali zonse, limene dayagonale yake ndi mbali imodzi kuchulukitsa ndi √3, pafupifupi 1.732. Kwa ife yankho liyenera kugwera pakati pa 120 ndi 208, ndipo 170 yagweradi pomwepo.

Ngati ndi funso la mayeso, mwamaliza: ndodo yaitali kwambiri ndi masentimita 170. Ngati muli ndi ndodo yeniyeni m'manja, patsala nkhani imene fomyula simaitchula.

Mzere wa masamu ulibe kunenepa, ndiye nsonga yake imafika m'kati mwenimweni mwa kona. Paipi sifika kumeneko. Mlomo wake umagunda makoma awiri ndi pansi isanafike pa kona, ndipo zimenezi zimachitika ku nsonga zonse ziwiri. Waya woonda wa masentimita 165 alowa bwinobwino m'bokosi lathu. Koma paipi ya masentimita 165 yonenepa masentimita 4 ikana. Mukawerengera malo amene mlomo wake ukudya kumbali zitatu zonse, paipi yotere imathera pa masentimita pafupifupi 164.5 ngakhale muipendeketse mwaluso chotani. Theka la sentimita lokha, koma chivundikiro sichitseka.

Simufunika kuwerengera zonsezo nthawi iliyonse. Ngati ndodo ndi yozungulira ndipo ndi yoonda poyerekeza ndi bokosi, chulukitsani kunenepa kwake ndi 1.5, n'kuchotsa zimenezo pa dayagonale. Kwa paipi yathu ndi 170 kuchotsa 6, kutsala 164. Nambala imeneyi imatsika pang'ono kuposa malire enieni, ndipo ndi bwino choncho. Pa chifukwa chomwecho, yankho likatuluka 176.8, lembani 176, osati 177.

Chomaliza kuyang'ana ndi khomo. Fomyula imanena za ndodo imene ili kale m'kati, sinena kuti ilowera pati. Bokosi lotseguka pamwamba ponse silivuta: mumatsitsa nsonga imodzi pa kona ya pansi, ina n'kuigonekera ku kona ya pamwamba. Koma likakhala ndi kachitseko kakang'ono pakati pa khoma, kapena milomo yopindikira m'kati, ndodo imafunika malo otembenukira, ndipo ikhoza kukakamira pakhomo ngakhale masamu atavomera. Zikatero dulani kamtengo koonda kotalika mofanana ndi katundu wanuyo, muyese kukalowetsa kaye. Kakalowa, kumbukirani kuti katundu weniweniyo ndi wonenepa kuposa kamtengoko, ndiye muonenso ngati patsala mpata wa chala ku nsonga zonse ziwiri.