Momwe mungajambulire moto, utsi ndi mvula m'katuni

Kuno ku Mzuzu mvula sitisowa, ndipo m'mamawa kukazizira mukadutsa ku Chibavi kapena ku Mchengautuba mupeza anthu akuotha moto. Ndiye tiyeni tijambule zomwe timaziona tsiku ndi tsiku: moto wa nkhuni pakhonde, utsi ukukwera, mvula ikugwa pabwalo, madontho akumenya m'chithaphwi. Kakanema kathu kakhala ka masekondi 2, kobwerezabwereza. Pulogalamu yojambulira ya Krita pa kompyuta kapena ya FlipaClip pa foni, zonse zikwanira.

Poyamba ikani liwiro pa 24 fps, ndiye kuti mafelemu 24 pa sekondi, 48 pa kanema yense; felemu ndi kamphindi kamodzi komwe chithunzi chimaonekera m'kanema. Yatsani Onion Skin kuti chojambula cham'mbuyo chizioneka mwachizimezime pansi pa chatsopano. Moto, utsi, mvula ndi chithaphwi, chilichonse chikhale pa leya yakeyake, yomwe ili ngati pepala loonekera losanjikizidwa pamwamba pa linzake, chifukwa chilichonse chimayenda pa liwiro lake.

Yambani ndi moto, poti ndi womwe umavuta. Mujambula zithunzi 8, chilichonse chizikhala mafelemu awiri. Zikwana mafelemu 16, choncho moto ubwereza katatu m'masekondi awiri aja. Ambiri amajambula lawi lonse, kenako n'kumangoligwedezera uku ndi uku, koma likatero limaoneka ngati mbendera. Moto umabadwa pansi n'kukafera pamwamba. Pachithunzi choyamba ikani kachotupa m'mbali mwa lawi, pafupi ndi nkhuni. Pachiwiri kakwezeni pang'ono, pachitatu ndi pachinayi kakwezeni kwambiri, kakuwonda pamene kakukwera. Pofika pachisanu ndi chimodzi kafike kunsonga, pachisanu ndi chiwiri kaduke n'kuuluka pakokha, pomaliza katsale kadontho chabe.

Kuti moto usadumphe pobwereza, chotupa chachiwiri chiyambire mbali inayo pachithunzi chachisanu. Chikamafika pachisanu ndi chitatu chimakhala chili pakati pa ulendo, ndiye mubwerere kuchithunzi choyamba mukachipitirize mpaka chikathere pachinayi. Ine nditangoyamba ndinkaiwala zimenezi, moto wanga unkachita ngati wina akuuzimitsa n'kuuyatsanso. Poyesa, ikani chala pagalasi mutsate chotupa chimodzi. Chikatsika ngakhale kamodzi, kapena kuima malo amodzi, chithunzi chimenecho n'cholakwika. Mtundu wachikasu wam'kati mwa lawi muuike pomaliza, nawonso uzikwera motsatira zotupa zija.

Utsi sufulumira. Upatseni zithunzi 24, mafelemu awiri chilichonse, udzaze masekondi onse awiri. Ganizani za timipira tochoka pamwamba pa lawi. Kampira kakamachoka kamakhala kakang'ono ndi kothamanga, kakamakwera kamakula, ndipo mpata pakati pa chithunzi ndi chinzake uzichepa. Pamwamba musaufufute wonse nthawi imodzi. Boolani timabowo m'katimo, tikule mpaka utsi ung'ambike n'kutsala tizingwe.

Musanajambule mvula, sankhani komwe mphepo ikupita. Ngati utsi ukupendekera kudzanja lamanja, mvula nayo izitsika ikulowera kumanja komweko. Mvulayo ndi timizere chabe, zithunzi 4, chilichonse felemu imodzi. Timizere tikhale totalika mosiyana ndiponso totalikirana mosiyana, chifukwa tikafola mofanana diso limasokonezeka, mvula n'kuoneka ngati yaima kapena ikukwera kumwamba. Pangani maleya awiri: kutsogolo mizere yaitali ndi yochepa, kumbuyo yaifupi, yambiri, yosaoneka kwambiri. Ikakhala mvula yowaza ija ya nyengo yozizira, fupikitsani mizere ndipo muchepetse mtunda womwe ikutsika pa felemu iliyonse.

Tsopano dontho m'chithaphwi. Ngati simunalionepo bwino, khalani pakhonde muyang'ane pomwe madzi a padenga la malata amagwera. Zithunzi 6 zikwanira, mafelemu awiri chilichonse, theka la sekondi. Choyamba ndi dontho lotalika litatsala pang'ono kugunda madzi. Pachiwiri dontho lisaonekenso, m'malo mwake madzi atumphuke mozungulira ngati kambale kokhala ndi mano m'mphepete. Apa musaike chithunzi chapakati, kugundako kumachitika mwadzidzidzi. Pachitatu kambale kafike pamwamba penipeni, mano aja aduke akhale timadontho. Pachinayi kambale kayambe kugwa, timadontho tili m'mwamba tikukhota. Pachisanu tigwe, ndipo pachisanu ndi chimodzi patsale mphete yokha ikukula n'kuzimirira. Mpheteyo ikhale yophwatalala ngati dzira logona, chifukwa madziwo tikuwaonera cham'mbali. Mukaijambula yozungulira bwinobwino, chithaphwi chioneka ngati chaimirira pakhoma.

Dontho limodzi likatheka, likopereni malo asanu kapena asanu ndi limodzi, ena aakulu ena aang'ono. Lina liyambe pa felemu 1, lina pa 6, lina pa 15, lina pa 29. Akayambira pamodzi amaoneka ngati akuvina motsatira ng'oma. Lomwe layamba mochedwa, monga pa felemu 43, zithunzi zake zitatu zotsala muziike pa felemu 1 mpaka 6, monga tinachitira ndi chotupa chachiwiri cha moto.