Musalembe "matumba awiri" musanayeze

Chaka chino malipoti ena ochokera m'makampu athu kuno ku Chipata akunena kuti fataleza sakuwonjezera chimanga mokwanira. Anzanga alangizi, musanauze alimi zimenezo onani kaye mmene tinalembera fatalezayo. Timafunsa mlimi atakolola kale kuti anathira wochuluka bwanji, iye n'kuti "matumba awiri", ife n'kulemba makilo 100, basi.

Nambala ya fataleza ikamalakwika, pena kupitirira pena kuchepa, masamu amachepetsa mphamvu yake. Pagulu la olembedwa kuti anathira wambiri mumalowa ena amene anangowaza pang'ono, ndipo pagulu la othira pang'ono mumalowa amene anathira wokwanira. Zokolola za magulu awiriwo zimayandikana, fataleza n'kuoneka ngati wopanda ntchito.

Tiyerekeze kuti kilo imodzi ya fataleza imawonjezeradi makilo 6 a chimanga. Alimi amasiyana ndi makilo ngati 40 pa zomwe anathiradi, ndipo kulemba kwathu kumaphonya ndi makilo 20. Chulukitsani nambala iliyonse ndi iyo yomwe: 1,600 ndi 400. Phatikizani ziwirizo, mupeza 2,000. Gawani 1,600 ndi 2,000, mupeza 0.8. Chulukitsani 6 uja ndi 0.8, kotero lipoti lidzati makilo 4.8. Kuphonyako kukafika makilo 40, mupeza theka, lipoti n'kuti makilo 3 okha. Tsono ngati kilo ya fataleza ikugulidwa pa mtengo wa makilo 4 a chimanga, ndiye kuti mwaletsa mlimi chinthu chomupindulitsa.

Amayi ena ku Katete anandiuza motsimikiza kuti anathira matumba awiri pa lima imodzi. Titacheza, zinadziwika kuti mameda angapo anapita kudimba, ena anagawira apongozi. Sananame ayi, ndinawafunsa zomwe analandira.

Chimene chimanditopetsa ndi yankho lakale lija lakuti "tingofunsa alimi ambiri". Mufunse ngakhale chigawo chonse cha Kum'mawa, theka lija likhalabe theka. Kuchulukitsa alimi kumathandiza pamene zolakwika zili pa zokolola, chifukwa zimenezo zimangomwaza nambala uku ndi uku, sizikokera yankho pansi.

Zimavuta kwambiri pomwe alimi athira mofanana, monga m'mudzi umene ambiri amadalira fataleza wa boma wotsika mtengo. Kusiyana kwenikweni kukatsika kufika makilo 20, kuphonya kwa makilo 20 komwe kuja kumadya theka. Koma mukamayerekeza wa lima imodzi ya fataleza wochepa ndi wothira matumba ambiri, kuphonya pang'ono sikusintha zambiri.

Chochita? Yendani ndi sikelo nthawi yothira, osadikira Juni. Ngati sizitheka, pezani nambala ziwiri zosadalirana, ya mlimi ndi ya sikelo pa minda ingapo, kapena ya anthu awiri ofunsidwa padera. Kugwirizana kwa mayankho a anthu awiriwo, komwe pa masamu amati correlation, kukakhala 0.8, gawani 4.8 ndi 0.8 kuti mubwerere pa 6. Njirayi siigwira ngati onse akukokera mbali imodzi, monga kutchula zomwe analandira m'malo mwa zomwe anathira.