Momwe mungawerengere ndi kutanthauzira zotsatira za mayeso a Stroop

Odwala amene anavulala m'mutu pa ngozi za njinga zamoto za kabaza amafika kawirikawiri m'zipatala za mu Blantyre, makamaka ku Gulupu. Ambiri chilonda chimapola, amayenda, amalankhula, koma achibale amadandaula kuti munthu wasintha: sachedwa kupsa mtima, amalankhula zosayenera pagulu, akayamba chinthu safuna kusiya. Zizindikiro zoterezi zimatichititsa kukayikira mbali yakutsogolo ya ubongo, imene ili kuseri kwa chipumi, ndipo imodzi mwa njira zotsika mtengo zoyezera mbaliyi ndi mayeso a Stroop. Kupereka mayesowa n'kosavuta. Pamene anthu ambiri amaphonya ndi powerengera zotsatira ndi kunena tanthauzo lake.

Mayesowa anatchuka ndi John Ridley Stroop, yemwe anasindikiza kafukufuku wake mu 1935. Alipo a mitundu ingapo, koma ine ndifotokoza okhawo amene Charles Golden anakonza mu 1978, chifukwa masamu ake mutha kuwachita pakapepala m'chipinda choonera odwala. Ali ndi masamba atatu, ndipo tsamba lililonse lili ndi zinthu 100 m'mizere isanu yotsika. Tsamba loyamba lili ndi mayina a mitundu itatu, kufiira, kubiriwira ndi buluu, olembedwa ndi inki yakuda, ndipo wodwala amangowerenga. Lachiwiri lili ndi timitanda tamitundumitundu, wodwala amatchula mtundu wa inki. Lachitatu ndilo lovuta: dzina la mtundu lalembedwa ndi inki ya mtundu wina, ndipo wodwala ayenera kutchula inkiyo, osati kuwerenga liwulo. Kwa munthu wozolowera kuwerenga, liwu limafika pakamwa lokha, ndiye ubongo uyenera kuliletsa. Kuletsa kumeneku n'kumene tikuyeza.

Musanayambe kuwerenga masekondi

Funsani zinthu zitatu, ndipo musadumphe ngakhale mzere wa odwala utatalika panja. Kodi wodwalayo amaona bwino, ndipo ngati amavala magalasi, wawabweretsa? Kodi amasiyanitsa mitundu? Muonetseni timitanda tingapo atchule mosathamanga. Amuna ena anabadwa osasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira, ndipo pa iwo mayesowa alibe ntchito. Chachitatu ndicho chachikulu kwathu kuno: kodi amawerenga mosadodoma chilankhulo chimene chili pamasambawo? Mufunseni sukulu analekera pati, ndiponso ngati amawerenga kanthu tsiku ndi tsiku, kaya mauthenga a pafoni kaya Baibulo kapena nyuzi.

Gwirizananinso za mawu amene adzagwiritse ntchito. Anthu ambiri a m'tauni amati redi, girini, buluu, pamene ena amati kufiira ndi kubiriwira, ndipo achikulire ena amatchula girini ndi buluu ndi liwu limodzi. Mawu aatali amadya nthawi, choncho wodwala asankhe njira imodzi n'kuisunga pa tsamba lachiwiri ndi lachitatu, inu mulembe imene wasankha. Masamba akhale a inki yowala bwino, osati ofwifwa, ndipo magetsi akazima musendere pawindo.

Kupereka mayeso ndi kulemba manambala

Tsamba lililonse limatenga masekondi 45. Wodwala amatsika mzere woyamba, kenako wachiwiri, mpaka mutamuimitsa. Akamaliza zonse 100 nthawi isanathe, amayambiranso pamwamba. Pa tsamba lachitatu ndimakonda kunena chonchi: "Bambo, apa musawerenge mawuwo. Mundiuze mtundu wa inki imene alembera, mwachangu mmene mungathere. Mukalakwitsa ndinena kuti ayi, inu mukonze n'kupitiriza." Muyeseni kaye zinthu ziwiri kapena zitatu kuti mutsimikize kuti wamva.

Nambala ya tsamba lililonse ndi kuchuluka kwa zimene watchula molondola m'masekondi 45 aja. Pa fomu zimalembedwa W pa tsamba la mawu, C pa la mitundu, CW pa losakaniza. M'njira ya Golden zolakwika sizichotsedwa pa nambala, chifukwa nthawi imene wodwala wataya pokonza yatsitsa kale nambalayo. Komabe ine ndikukulimbikitsani kuzilemba pambali: walakwitsa kangati, ndi kangati anadzikonza yekha musanalankhule, ndiponso ngati anataya lamulo n'kuyamba kungowerenga mawu. Nthawi zina zimenezi zimanena zambiri kuposa nambala.

Kuwerengera kusokonezeka

Nambala ya CW payokha sikuuzani kanthu za kuletsa, pakuti munthu wochedwa pa chilichonse adzapezanso CW yotsika. Choncho timayamba tapeza CW imene tikanayembekeza kwa munthu ameneyu, potengera liwiro lake lomwe pa masamba awiri oyamba:

```
CW' = (W × C) / (W + C)
I = CW − CW'
```

Ganizo la masamuwa ndi lakuti pa tsamba lachitatu munthu amataya nthawi yowerenga liwu kuphatikiza nthawi yotchula mtundu. CW' ndi nambala yoyembekezeka ija, ndipo I ndi nambala ya kusokonezeka. I ikakhala pafupi ndi 0, wachita monga mmene liwiro lake limalosera. Ikakwera pamwamba pa 0, amaletsa bwino kuwerenga. Ikatsika kwambiri pansi pa 0, liwu likumugonjetsa. Pa tebulo la Golden la 1978, lomwe limayerekeza munthu ndi anthu ena pa mulingo wotchedwa T, I ya 0 imafanana ndi T ya 50, yomwe ndi pakatikati, ndipo I ya −10 imafanana ndi T ya 40. Kutsika kupitirira apo ndiye timayamba kutchera khutu. Kwa odwala a zaka 45 kupita m'tsogolo buku la mayesowa limawonjezera pang'ono pa manambala chifukwa cha msinkhu, ndipo buku lokonzedwanso mu 2002 limawerengera mosiyanako, ndiye tsatani buku limene linabwera ndi masamba anu.

Tiyerekeze bambo wa zaka 38 wa ku Ndirande, wakabaza, amene anafika Fomu 4 ndipo amawerenga Chingerezi bwinobwino. Anagwa panjinga n'kumenyetsa chipumi miyezi inayi yapitayo. Mayi akunyumba kwake akuti: "Adokotala, bambowa asintha, ndalama akungomwaza, ndipo akawayankha kasitomala sasankha mawu." Pa mayeso wapeza W 84, C 60, CW 19.

```
CW' = (84 × 60) / (84 + 60) = 5040 / 144 = 35
I = 19 − 35 = −16
```

Tinkayembekeza 35, wafika 19, ndipo −16 ndi T ya 34 pa tebulo lija. Pa tsamba lachitatu walakwitsa kasanu ndi kawiri, wadzikonza yekha kamodzi kokha, ndipo pakatikati wawerenga mawu atatu motsatizana ngati waiwala lamulo. Mutamufunsa pomaliza kuti ndinati muchite chiyani, akubwereza lamulolo molondola ndithu. Apa ndi pofunika kuimapo. Munthuyu sanaiwale, ndipo wamva. Akudziwa choyenera kuchita koma akulephera kuchigwiritsa pamene pakamwa pakuthamanga, ndipo kusiyana kumeneku pakati pa kudziwa ndi kuchita kumaoneka kawirikawiri mwa anthu amene mbali yakutsogolo ya ubongo yavulala. Masamba awiri oyamba ndi otsikirapo pang'ono, zomwe sizachilendo munthu akavulala m'mutu, koma kugwa kwakukulu kuli pa tsamba lachitatu.

Manambala amene amanamiza

Tsopano taonani mayi wa msinkhu womwewo amene wapeza W 60, C 40, CW 22. CW yake ili pafupi ndi ya bambo uja, ndipo wothamanga akhoza kulemba kuti vuto ndi lomwelo. Koma 2400 kugawa ndi 100 ndi 24, ndiye I ndi −2. Mayiyu akuchedwa pa masamba onse atatu mofanana, sakulephera kuletsa. Apa ganizirani zinthu zimene zimachedwetsa ubongo wonse: matenda okhumudwa, kachilombo ka edzi kakakhudza ubongo, mowa wa nthawi yaitali, kusagona, ululu, kapena mankhwala oodzeretsa monga ena a khunyu ndi a matenda amisala.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chotsatira chooneka chabwino. Wodwala analekera Sitandade 4, amawerenga movutika, wapeza W 30, C 60, CW 42. Masamu akupereka CW' ya 20 ndi I ya +22, ngati katswiri woletsa. Zoona zake n'zakuti liwu silifika pakamwa pake lokha, ndiye palibe choti aletse. Tsamba lachitatu kwa iye langofanana ndi lachiwiri. Mwa munthu wowerenga bwino W imaposa C. Mukaona W yatsika kufika pa C kapena pansi pake, musatanthauzire I, lembani kuti mayesowa sanamuyenere. Zomwezi zimachitika ndi wodwala amene amatsinzina pang'ono kapena kuphimba gawo la liwu ndi chala kuti asaliwerenge, choncho maso anu akhale pa wodwala, osati pa wotchi pokha.

Kumbukiraninso kuti matebulo a Golden anachokera kwa anthu a ku Amereka amene Chingerezi ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho. Munthu wa ku Chilomoni kapena ku Bangwe amene Chingerezi anachiphunzira kusukulu akhoza kupeza T yotsika pa W ali bwinobwino. N'chifukwa chake ndimadalira kwambiri kuyerekeza wodwala ndi iye mwini, tsamba ndi tsamba, kusiyana ndi kumuyerekeza ndi tebulo.

Zolemba mu lipoti

Mayeso a Stroop sanena malo enieni amene avulala. Ntchito yoletsayi imadalira kwambiri mbali yakutsogolo ya ubongo, cham'mbali ndi chapakati pomwe, koma imasokonekeranso njira zolumikiza mbaliyi ndi mbali zina zikaduka, ndipo ena ovulala m'munsi mwake, pamwamba pa maso, amakhoza mayesowa bwino ngakhale khalidwe lawo lasinthiratu. Choncho I yabwino siithetsa dandaulo la achibale. Onjezani mayeso ena achidule: atchule nyama zambiri mmene angathere m'mphindi imodzi, atsanzire ndondomeko ya Luria ya chibakera, m'mphepete mwa dzanja ndi chikhatho, ndiponso agogode kamodzi inu mukagogoda kamodzi koma asagogode mukagogoda kawiri. Omaliza awiriwa safuna kuwerenga, ndiye ndi amene mungadalire kwa wodwala wa Sitandade 4 uja.

Za bambo wa ku Ndirande ndingalembe chonchi: mtundu wa mayeso ndi chilankhulo chake, sukulu imene anafika, manambala onse atatu, I ya −16, zolakwika zisanu ndi ziwiri, kenako chiganizo chakuti zotsatirazi zikusonyeza kuvutika kuletsa yankho lozolowereka, kopitirira kuchedwa kwake, ndipo zikugwirizana ndi mbiri ya kuvulala kutsogolo kwa mutu. Ndingapemphe kuti sikani ya mutu ionedwe pamodzi ndi zotsatirazi, ndipo ndingakambirane naye ndi mayi akunyumba kwake zoti ayambe waima kunyamula anthu panjinga. Mukadzamuyezanso patapita miyezi ingapo, gwiritsani ntchito masamba omwewo ndi mawu a mitundu omwewo, ndipo CW ikakwera ndi ziwiri kapena zitatu zokha musafulumire kulemba kuti wachira, chifukwa kuzolowera mayeso kumakweza nambala pang'ono ngakhale ubongo usanasinthe.