Momwe mungalembere mzere wa matanthauzo awiri osasocheretsa omvera

Ndakatulo zanga zambiri ndimalakatula pamisonkhano ya anthu akwathu ku Mbare ndi ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo mzere umene anthu amapita nawo kunyumba ndi uja amati akautembenuza apezamo china.

Yambani ndi liwu limene lili kale ndi nkhope ziwiri. Kutsogola ndi kuyamba ulendo anzako asananyamuke, komanso ndi kumwalira. Ndiye ndinalemba kuti: "Agogo atsogola kumudzi, ife tibwera m'mbuyo." Wina aona nkhalamba itakwera basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza. Wina aona bokosi. Kwa ife obadwira kuno, ana a matchona, zonse ziwiri n'zoona, ndipo n'chifukwa chake mzerewu umagwira.

Musanapitirire, lembani tanthauzo lililonse pambali m'chiganizo chimodzi chomveka. Mukalephera, ndiye kuti inu nomwe simukudziwa chimene mukunena. Yesani ndi uwu: "Zapita kumene zinachokera." Zapita n'chiyani? Kuti? Uwu sukupatsa womvera njira ziwiri, wangomusiya pachigwa popanda njira.

Tsono apa ndi pamene ndinagwa nayo. Ndinalemba kuti "Mtengo wa kwathu wagwa," ndikufuna kuti anthu amve mtengo wa mthunzi, kutanthauza mkulu wa banja, komanso mtengo wa pamsika, kuti ife tatchipa m'dziko la eni. Papepala zinkaoneka bwino zedi, mpaka ndinadzitama kwa mkazi wanga. Koma mawu awiriwa amangofanana kalembedwe. Mtengo womera uja liwu limakwera pa "te", pamene wa malonda silikwera. Nditaimirira pamaso pa anthu, lilime linayenera kusankha, ndipo linasankha womera. Tanthauzo lachiwiri linafera pompo, ndipo mayi wina anadzandipepesa poganiza kuti kwathu kwagwa maliro. Khungu la pathupi ndi khungu la maso nazonso n'chimodzimodzi. Choncho ngati ndakatulo ndi yolakatula, utchuleni mzerewo mokweza kawiri, ulendo uliwonse mukuganiza tanthauzo lina. Liwu likasintha, mzerewo ndi wa papepala basi. "Atsogola" samasintha, zivute zitani.

Kenako patsani tanthauzo lililonse pogwira m'mizere yoyandikana. Pafupi ndi mzere wa agogo uja, ine ndinaika chikwama chomangidwa ndi chingwe mumzere wina, nyimbo za amayi usiku mumzere wotsatira.

Posindikiza, chenjerani ndi otayipa otchipa a m'tauni. Wina anandisinthira "atsogola" kukhala "atsogora" potengera Chishona, naonjezera mpumiro pamene ine sindinaufune, dola yanga n'kupita. Tayipani nokha pafoni, iwo angosindikiza.

Pomaliza werengerani anthu atatu, aliyense payekha, muwafunse chimene amva. Akatchula matanthauzo anu awiri aja, zatheka. Akati "kaya", bwezeranimo dzina la chinthu chimene mwabisacho, muyesenso.